Mapiritsi owonjezera a mavitamini ndi zitsamba: muwasiye liti musanapite ku opaleshoni kapena kokayezetsa magazi? Mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akafunsidwa kuchipatala kuti “Mukumwa mankhwala aliwonse?” amayankha kuti ayi, pamene m’mawa womwewo ameza kapisozi wa adyo ndi piritsi lokulitsa tsitsi. Sikuti amanama. Kungoti zimene anagula okha popanda kulemberedwa ndi dokotala sazitenga ngati mankhwala. Mafunso ali m’munsiwa akukhudza zinthu zoterezi. Mavuto ake ali pawiri ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa: pa opaleshoni vuto limachitika m’thupi mwanu, koma poyeza magazi vuto la bayotini, vitamini wopezeka m’mapiritsi a tsitsi, limachitika m’makina a ku labotale, thupi lanu lili bwinobwino.

Ndili ndi opaleshoni mwezi wamawa. Ndisiye liti zomwe ndikumwa?

Mankhwala azitsamba musiye kutatsala milungu iwiri. Ili ndi langizo lomwe madokotala ogonetsa odwala pa opaleshoni akhala akupereka kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 bungwe la SPAQI la ku America, loona za kukonzekera opaleshoni, linalibwereza pa zitsamba zambiri.

Milungu iwiriyi sinangotoledwa pamsewu. Zitsamba zambiri zimachoka m’magazi pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, koma zomwe zachita m’thupi zimatsalira. M’magazi muli tizigawo totchedwa mapulateleti, tomwe timamatirirana pabala kuti magazi asiye kutuluka. Pulateleti imodzi imakhala ndi moyo masiku 7 mpaka 10. Ngati chitsamba chafooketsa mapulateleti omwe muli nawo lero, thupi lifunika kupitirira sabata kuti lipange atsopano okwanira. Chiwindinso, chikazolowera kugaya mankhwala mofulumira chifukwa cha chitsamba china, chimatenga sabata imodzi kapena iwiri kuti chibwerere mwakale. Chifukwa china n’chakuti botolo limodzi la zitsamba zosakaniza limatha kukhala ndi zinthu khumi, ndipo palibe dokotala angaloweze nthawi ya chilichonse. Milungu iwiri imaphimba zonse.

Ndi ziti zomwe zimachititsa kuti magazi asaundane?

Zodziwika kwambiri ndi makapisozi a adyo, ginko, jinsengi, tameriki, ndi vitamini E womwedwa wambiri, makamaka kupitirira 400 IU patsiku. Adyo ndi ginko amafooketsa mapulateleti. Vitamini E wochuluka amalimbana ndi ntchito ya vitamini K, amene chiwindi chimagwiritsa ntchito popanga zoundanitsa magazi.

Mu 2001 madokotala a ku yunivesite ya Chicago anasindikiza m’magazini ya JAMA nthawi yochepetsetsa yosiyira chilichonse: adyo masiku 7, jinsengi masiku 7, ginko maola 36. Manambalawa ndi othandiza opaleshoni ikakhala yapafupi ndipo milungu iwiri palibe. Koma nthawi ikakhalapo, musawerengere maola.

Tikunena za makapisozi ndi ufa wosindikizidwa, momwe adyo wambiri wapanikizidwa m’piritsi limodzi. Adyo wothira m’chakudya monga mwa masiku onse si woti akudetseni nkhawa. Ngozi imakula kwenikweni zitsambazi zikakumana ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga asipirini, kulopidogirelo kapena wafarini. Imakulanso pa opaleshoni yomwe magazi ochepa okha otayikira m’kati angawononge zambiri: m’diso, mu ubongo, kapena pamene akubayani jekeseni ya dzanzi pamsana.

Asipirini ndi wafarini musawaike m’gulu la zosiya nokha. Amenewa ndi mankhwala okulemberani dokotala, ndipo kuwasiya mwachisawawa kungabweretse sitiroko. Tsiku lowasiya, ngati lilipo, akuuzeni ndi dokotala.

Nanga mafuta a nsomba? Ndinamva kuti amasungunula magazi.

Kwa nthawi yaitali odwala ankauzidwa kuti awasiye, ndipo zipatala zina zikadali kunena zimenezo. Koma pa kafukufuku wotchedwa OPERA, wa odwala oposa 1,500 ochitidwa opaleshoni ya mtima, omwe anapatsidwa mafuta a nsomba sanataye magazi ambiri kuposa anzawo. N’chifukwa chake langizo la 2021 lija likuti angapitirizidwe. Ngati dokotala wanu wa opaleshoni wanena kuti musiye, siyani. Kusowa mafutawa milungu iwiri sikukupwetekani.

Zilipo zosokoneza mankhwala ogonetsa?

Zilipo, ndipo ine ndimaziopa kuposa za magazi zija, chifukwa anthu saziganizira n’komwe.

Choyamba ndi haipelikamu, chitsamba chomwe ena amamwa akamavutika maganizo, ndipo pabotolo amalemba kuti St John’s wort. Chimachangamutsa chiwindi, makamaka enzaimu yotchedwa CYP3A4, kuti chizigaya mankhwala msanga kwambiri. Mankhwala ena ogonetsa monga midazolamu amatha mphamvu mofulumira, wafarini amafooka, mapiritsi olera amatha kulephera, ndipo kwa anthu oikidwa chiwalo cha munthu wina, mankhwala a saikulosipolini amatsika m’magazi mpaka thupi kuyamba kukana chiwalocho. Chikakumananso ndi mankhwala opha ululu monga tiramado kapena petidini, omwe amaperekedwa kawirikawiri opaleshoni ikatha, chimatha kuyambitsa kunjenjemera, kutentha thupi, thukuta ndi kusokonekera mutu chifukwa cha kuchuluka kwa kemikolo ya mu ubongo yotchedwa serotonini. Masiku 5 ndi ochepetsetsa; milungu iwiri ndiyo yabwino.

Kava amawonjezera mphamvu ya mankhwala ogonetsa, munthu n’kuchedwa kudzuka, ndipo amathanso kuvulaza chiwindi. Efedira, yemwe amapezeka m’mankhwala ena ochepetsa thupi ndi opatsa mphamvu, amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kusokoneza kugunda kwa mtima. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linamuletsa kumeneko mu 2004, koma sanatheretu pamsika wa dziko lonse. Jinsengi amatsitsa shuga m’magazi, zomwe si zabwino kwa munthu amene wauzidwa kuti asadye kanthu usiku wonse.

Valeriyani, wothandiza kugona, ndi wosiyana ndi onsewa. Amene wamumwa usiku uliwonse kwa miyezi akamusiya kamodzin’kamodzi amatha kusowa tulo, kubalalika ndi kugunda mtima. Ameneyu kambiranani ndi dokotala: mwina muzichepetsa pang’onopang’ono, mwina mupitirize mpaka tsiku la opaleshoni iye akudziwa.

Ayironi ndi mavitamini omwe dokotala anandilembera ndisiyenso?

Ayi. Ngati munapatsidwa ayironi chifukwa magazi ndi ochepa, cholinga chake n’chakuti mukafike pa opaleshoni muli ndi magazi okwanira, ndiye kumusiya n’kudzibweza m’mbuyo. Chimodzimodzi foliki asidi, vitamini B12, vitamini D ndi kashiyamu zomwe munalemberedwa pa vuto lodziwika: zimapitirira, ngakhale m’mawa wa opaleshoni angakuuzeni kuti musameze kanthu. Pomwe ayironi amasiyidwa ndi pamene akufuna kuunika m’matumbo ndi kamera. Amadetsa chimbudzi n’kumata m’matumbo, ndiye amasiyidwa kutatsala masiku 5 mpaka 7.

Ndaiwala kusiya ndipo opaleshoni ndi mawa. Aimitsa?

Nthawi zambiri ayi. Siyani lero, tengani mabotolo onse mupite nawo, ndipo muuze wogonetsa odwala dzina la chinthucho, kuchuluka kwake ndi tsiku lomwe mwamwa komaliza. Akadziwa amakonzekera: angasinthe mankhwala opha ululu, angaganizirenso za jekeseni ya pamsana, angaonetsetse kuti magazi oikira alipo. Choopsa n’kubisa poopa kuti akubwezani.

Tsopano za bayotini. Ndi chiyani, ndipo n’chifukwa chiyani a ku labotale amamudandaula?

Bayotini ndi vitamini B7, ena amati vitamini H. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 30 okha patsiku, omwe amalembedwa kuti 30 mcg, ndipo ambiri amawapeza m’chakudya. Mapiritsi a tsitsi, khungu ndi zikhadabo amakhala ndi 5,000 kapena 10,000 mcg, kutanthauza mamiligalamu 5 kapena 10. Piritsi la 10,000 mcg likuposa zofunika patsiku maulendo opitirira 300. Pa matenda ena a mitsempha odwala anayesedwapo ndi 300 mg patsiku.

Thupi silivutika naye. Wotsala amatuluka ndi mkodzo. Koma asanatuluke amakhala akuyandama m’magazi, ndipo magazi amenewo ndi omwe akukalowa m’makina omwe nawonso amadalira bayotini pogwira ntchito yawo.

Nkhani yake ili motere. Pali puloteni yotchedwa sitireputavidini, yochokera ku mabakiteriya ena, yomwe imagwira bayotini mwamphamvu kwambiri, moti akagwirana sasiyana ngakhale muwatsuke. Opanga zoyezera anaona kuti izi ndi zothandiza. Amapaka sitireputavidini pa timikanda ting’onoting’ono ta maginito, ndipo pa puloteni ina yotchedwa antibode, yomwe imakola chinthu chofunidwacho, amamangirirapo bayotini. Antibode ikakola chinthucho m’magazi anu, bayotini wake amakakamira pamkanda, maginito amakoka mikanda, zina zonse zimatsukidwa, ndipo makina amawerenga kuwala kwa zomwe zatsala.

Malo okakamira pamikandayo ndi owerengeka, ngati mipando m’chipinda. Bayotini wa m’piritsi lanu akakhala wambiri m’magazi amayamba ndi iye kukhala pamipandoyo. Antibode ikafika ndi katundu wake ipeza podzaza, ndipo potsuka imapita ndi madzi. Makina sadziwa kuti izi zachitika. Amangoona kuwala kochepa n’kutulutsa nambala, popanda chenjezo lililonse.

Ngati kuwala kumachepa nthawi zonse, bwanji zotsatira zina zimakwera pamene zina zimatsika?

Chifukwa pali njira ziwiri zoyezera, ndipo zimamasulira kuwala mosemphana.

Zinthu zikuluzikulu zimayezedwa pozipana pakati pa maantibode awiri, imodzi yokakamira pamkanda, ina yonyamula kuwala. Chinthucho chikachuluka, kuwala kumachuluka. Ndiye bayotini akachepetsa kuwala, makina amati chinthucho ndi chochepa. Umu ndi momwe amayezera TSH yolamulira chithokomiro, tiroponini ya mtima, hCG yoonetsa mimba, PTH yoyang’anira kashiyamu, feritini yosonyeza ayironi wosungidwa m’thupi, polakitini yopangitsa mkaka wa m’mawere ndi PSA ya pulositeti. Zonsezi zimatsika monama.

Zinthu zing’onozing’ono sizingakwane maantibode awiri, ndiye amaziyeza mopikisana. Amathira chofanana nacho chonyamula kuwala, n’kuzisiya zilimbirane antibode imodzi. Chanu chikakhala chambiri chimapambana, chowalacho n’kusowa malo, kuwala n’kuchepa. Apa kuwala kochepa kumatanthauza kuti chinthucho ndi chambiri. Bayotini akachepetsa kuwala, makina amakweza nambala. Izi zimachitika ndi T4 ndi T3 za chithokomiro, kotizo, tesitositeroni, esitiradayo ndi vitamini D.

Izi zimaoneka bwanji pa munthu weniweni?

Tiyerekeze mayi wa zaka 38 yemwe tsitsi likuthothoka. Wagula mapiritsi a 10,000 mcg, ndipo wakhala akumwa limodzi m’mawa uliwonse kwa miyezi iwiri. Tsitsi silinasinthe, ndiye wapita kwa dokotala. Popeza kuthothoka tsitsi ndi chimodzi mwa zizindikiro za vuto la chithokomiro, dokotala walemba kuti ayezedwe chithokomiro. Mayi wameza piritsi lake 7 koloko, magazi atengedwa 9 koloko, nthawi yomwe bayotini ali pachimake m’magazi.

Zotsatira zabwera: TSH yatsika kwambiri pansi pa 0.4 mIU/L, pomwe mlingo wabwino umayambira, ndipo T4 yakwera kupitirira 22 pmol/L, pomwe ma labotale ambiri amaika malire. TSH yotsika ndi T4 yokwera ndi chithunzi chenicheni cha chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyezo. Dokotala akafuna kutsimikiza poyeza maantibode a TRAb, omwe amaonetsa matenda a Graves, pa makina ena nawonso amayezedwa mopikisana, ndiye amakwera monama. Mayeso atatu onse akugwirizana, ndipo onse atatu akunama pa chifukwa chimodzi. Apa mpomwe bayotini amasiyana ndi zosokoneza zina: kawirikawiri zotsatira zolakwika zimatsutsana zokha n’kudzutsa chikaiko, koma izi zimalukana bwinobwino kukhala matenda odziwika.

Chomuulula ndi thupi la mayiyo. Chithokomiro chothamanga chimaonekera: mtima umagunda msanga ngakhale munthu ali phee, manja amanjenjemera akawatambasula, thupi limatsika ngakhale akudya, amamva kutentha ena akumva bwino. Mayi wathuyu mtima ukugunda ka 72 pa mphindi, manja ali bata, sikelo sinasunthe. Pepala ndi munthu sizikugwirizana. Dokotala wosamala apa amafunsa za mapiritsi a tsitsi, amamuuza asiye masiku atatu, n’kuyezanso. Zotsatira zikabwerera mwakale popanda mankhwala alionse, nkhani yatha. Akapanda kufunsa, mayi amayamba kabimazo, mankhwala ofooketsa chithokomiro chomwe chinali chabwinobwino, ndipo nkhani zotere zinalembedwapo m’magazini a zachipatala, za akulu ndi za ana omwe.

Mbali inayo ndi ya munthu yemwe chithokomiro chake ndi chofooka ndipo amamwa levothairokisini. Bayotini amachititsa kuti zioneke ngati akumwa mankhwala ochuluka, dokotala n’kumuchepetsera, iye n’kuyamba kufooka ndi kuzizidwa.

Kodi zingaphe munthu?

Kudzera mu tiroponini, inde. Tiroponini ndi puloteni yomwe imatuluka m’nyama ya mtima ikavulala, ndipo ndi imene madokotala amayeza munthu akabwera ndi ululu wa pachifuwa. Ikatsika monama, munthu yemwe mtima wake ukuwonongeka angauzidwe kuti palibe vuto. Mu Novembala 2017 bungwe la FDA linachenjeza za bayotini, ndipo linanena kuti linalandira lipoti la wodwala mmodzi womwa bayotini wambiri amene anamwalira tiroponini yake itaoneka yotsika monama. Linabwerezanso chenjezoli mu 2019.

Pa ngozi yotere palibe zodikira masiku atatu. Mukamva kupweteka pachifuwa pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo polowa nenani kuti mumamwa bayotini, mamiligalamu angati, ndi ola lomwe mwamwa komaliza. Ngati mukuperekeza wodwala, nenani ndinu. Chimodzimodzi mayi amene akumva kupweteka m’mimba ndipo n’kutheka kuti ali ndi pakati: hCG ya m’magazi yotsika monama ingabise mimba yokhala kunja kwa chiberekero.

Ndisiye masiku angati ndisanayezetse?

Zimatengera kuchuluka kwa zomwe mumamwa ndi momwe impso zanu zilili.

Piritsi la mavitamini osakaniza la tsiku ndi tsiku, lokhala ndi 30 mpaka 300 mcg, silifika posokoneza makina. Simufunika kulisiya chifukwa cha bayotini.

Pa 5 mpaka 10 mg, opanga zoyezera ena amati maola 8 akwana, chifukwa mwa munthu wa impso zabwino theka la bayotini limachoka m’magazi m’maola ochepa. Bungwe la ku America la akatswiri a chithokomiro limati masiku osachepera awiri. Ine ndingakuuzeni masiku atatu athunthu. Simudziwa makina omwe magazi anu akalowe, amene wamwa kwa miyezi amakhala ndi wochuluka kuposa wongomwa kamodzi, ndipo tsitsi silitaya kanthu m’masiku atatu.

Pa 100 mg kapena kuposa, maola 72 ndi ochepetsetsa, ndipo mayeso ena amafuna mpaka sabata. Amene impso zake ndi zofooka amafunikanso nthawi yotalikirapo pa mlingo uliwonse, poti bayotini amatulukira ku impso.

Pali anthu omwe bayotini ndi mankhwala awo enieni, monga ana obadwa ndi vuto la enzaimu ya bayotinidezi. Amenewa asasiye popanda dokotala wawo. Labotale ndi imene iyenera kupeza njira ina: kutumiza magazi ku makina osadalira sitireputavidini, kapena kuchotsa bayotini m’magaziwo asanawayeze.

Ndiye mayeso onse amasokonekera?

Ayi. Kuwerenga maselo a magazi, shuga, mchere wa m’magazi monga sodiyamu ndi potaziyamu, kiriyatinini wa impso, maenzaimu a chiwindi ndi kolesitero siziyezedwa mwa njira imeneyi, ndipo bayotini sazikhudza. Ngakhale pa mahomoni, si makina onse omwe amadalira sitireputavidini, ndipo m’zaka zaposachedwa opanga ena akonza zoyezera zawo za TSH ndi tiroponini kuti zizipirira bayotini wambiri. N’chifukwa chake magazi a munthu mmodzi, a tsiku limodzi, angatuluke bwino ku labotale ina n’kusokonekera ku inzake. Mnzanu akakuuzani kuti iye amamwa ndipo zotsatira zake zinali bwino, mwina akunena zoona, koma sizikukutetezani.

Ndingadziwe bwanji kuti zomwe ndikumwa zili ndi bayotini?

Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, osati kutsogolo kokha. Funani mawu akuti Biotin, B7 kapena H, ndipo muone nambala ndi zilembo zotsatira: 1,000 mcg ndi 1 mg, ndipo chizindikiro cha µg n’chimodzimodzi ndi mcg. Amabisala m’mapiritsi a tsitsi ndi zikhadabo, m’timaswiti ta mavitamini totafuna, m’mavitamini a gulu la B osakaniza, ndi mu ufa wina wa kolajeni. Ngati mukumwa zinthu ziwiri kapena zitatu, phatikizani manambala ake. Mukafika pa 1 mg patsiku, nenani kuchipatala musanatengedwe magazi. Shampu ndi mafuta odzola okhala ndi bayotini alibe vuto pa mayeso.

Kupatula bayotini, pali zina zosokoneza mayeso?

Vitamini C wambiri amabisa shuga ndi magazi pa kapepala koviika mu mkodzo, ndipo amabisanso magazi a m’chimbudzi pa kuyeza kwakale kwa gwayaki. Pa kuyeza kumeneku amati musapitirire 250 mg patsiku kwa masiku atatu musanapereke chimbudzi. Piritsi la ayironi lomwedwa m’mawa limakweza ayironi wa m’magazi kwa maola angapo, ndiye lisiyeni maola 24 musanayezetse ayironi. Kiriyatini, ufa womwe onyamula zitsulo amamwa, amatha kukweza kiriyatinini, impso n’kuoneka ngati zikufooka pamene zili bwino. Uzani dokotala, ndipo ngati pali chikaiko angayeze impso ndi sisitatini C, yemwe sakhudzidwa ndi ufawu.

Opaleshoni yatha. Ndiyambirenso liti?

Zomwe dokotala anakulemberani, monga ayironi, zimayambiranso mukangoyamba kudya, pokhapokha atanena zina. Adyo, ginko, jinsengi, tameriki ndi vitamini E dikirani mpaka bala litauma ndipo mwamaliza jekeseni kapena mapiritsi oteteza magazi kuundana omwe ambiri amapatsidwa akachitidwa opaleshoni. Nthawi zambiri ndi sabata imodzi kapena iwiri, ndipo funsani pa tsiku lokaonetsa bala. Haipelikamu asabwerere mukadali kumwa tiramado, ndipo ngati mwatuluka m’chipatala ndi mankhwala atsopano a nthawi yaitali, wa ku famase aone kaye ngati akugwirizana. Bayotini sakhudza bala, koma masiku oyamba opaleshoni itatha ndi omwe madokotala amayeza tiroponini mtima ukakayikitsa, kapena PTH ngati opaleshoni inali ya chithokomiro, choncho musiyeni kutatsala masiku atatu kuti mugonekedwe ndipo mumuyambenso mayeso onse akatha.